Mapu a pa kompyuta: tisunge mu GeoPackage kapena mu shapefile?

Tiyerekeze kuti wogwira ntchito ku khonsolo ya boma lina wakonza mapu a madera a mafumu pa kompyuta. Pa dera lililonse walembapo chiwerengero cha anthu monga anachipezera a kalembera mu 2008 ndi mu 2018, ndipo makolamu awiriwo wawatcha `chiwerengero_2008` ndi `chiwerengero_2018`. Akamaliza akusunga ntchito yakeyo mu shapefile n'kutumiza kwa mnzake wa ku ofesi ya zamadzi. Mnzakeyo akatsegula, mayina aja sawapeza. Akupeza `chiwerenge` ndi `chiweren_1`. Manambala onse alipo, palibe lomwe lasowa, koma chaka chachoka pa mayina onse awiri. Kuti adziwe kolamu ya 2018, ayenera kuimba foni kapena kungoganizira kuti yomwe ili ndi manambala akuluakulu ndiye yatsopano. Kuganizira kotereku ndi komwe kumalowetsa zolakwika m'malipoti omwe amagwiritsidwa ntchito pogawa mijigo.

Palibe amene walakwitsa apa. Umu ndi momwe shapefile inapangidwira, ndipo aliyense wojambula mapu pa kompyuta ayenera kudziwa izi asanasankhe kosungira ntchito yake.

Mapu a pa kompyuta amamangidwa ndi zigawo zosanjikizana zomwe akatswiri amazitcha maleya. Mijigo ndi leya imodzi ya timadontho, misewu ndi leya ya mizere, malire a mafumu ndi leya ya madera otsekeka. Leya iliyonse ili ndi tebulo lake, momwe mjigo uliwonse uli ndi mzere wake ndipo makolamu amanena dzina la mudzi, kuya kwa chitsime, chaka chomwe unakumbidwa ndi zina. Funso ndi lakuti zonsezi zisungidwe mu fayilo yamtundu wanji.

Shapefile inapangidwa ndi kampani ya ku America ya Esri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1998 kampaniyo inasindikiza kapangidwe kake poyera. Kuyambira pamenepo pafupifupi pulogalamu iliyonse ya mapu inaphunzira kuiwerenga. Koma tebulo la shapefile limasungidwa m'njira yakale kwambiri ya dBASE, ndipo njira imeneyo imalola dzina la kolamu kukhala ndi zilembo 10 basi. Pulogalamu ya QGIS ikapeza dzina lalitali imadula pa chilembo cha khumi. Ikaona kuti mayina awiri afanana atadulidwa, lachiwirilo imalisiyira zilembo 8 n'kuwonjezera `_1`. Ndiko kunachokera `chiweren_1` uja.

Kwa ife olemba m'Chichewa vutoli limaluma kwambiri, chifukwa mawu athu ndi aatali ndipo chomwe chimasiyanitsa mayina nthawi zambiri chimakhala kumapeto. `tsiku_lokumba` ndi `tsiku_lokonza` onse amayamba mofanana mpaka chilembo cha 10 chitayandikira: loyamba limasanduka `tsiku_loku`, lachiwiri `tsiku_loko`. Wozilemba angazindikirebe, koma amene adzalandire fayiloyo patapita zaka ziwiri sangathe. Ndipo kudula kumeneku sikubwezeka. Mukatenga shapefile ija n'kuisandutsa GeoPackage, mayina amalowa ali oduka momwemo, pokhapokha wina akhale pansi n'kuwalembanso limodzilimodzi. Palinso china chomwe chimaonongeka mwakachetechete: ngati munauza pulogalamu kuti ipake madera mitundu potengera `chiwerengero_2018`, kapena kuti ilembe manambalawo pa mapu, ikafunafuna dzinalo mu fayilo yatsopano siilipeza. Chizindikiro chake n'chakuti mitundu yomwe munaika ija siionekanso, kapena zolemba za pa mapu zimasowa, ngakhale mu tebulo zonse zili bwinobwino.

Malire ena a tebulo lomweli ndi akuti mawu a m'kolamu imodzi sangapitirire malo a zilembo 254, makolamu sangapitirire 255, ndipo kolamu ya tsiku siisunga ola. Mafomu a kafukufuku wa m'midzi omwe amadzazidwa pa foni amakhala ndi mafunso ambirimbiri komanso ndemanga zazitali, choncho akalowa mu shapefile ndemanga zimathera pakati pa chiganizo.

GeoPackage ndi yatsopano. Bungwe la Open Geospatial Consortium linaivomereza mu 2014, ndipo mkati mwake ndi nkhokwe ya SQLite, yomwenso imagwira ntchito m'mafoni ambiri. Dzina la kolamu likhoza kutalika monga mufunira, ndemanga sizidulidwa, ndipo tsiku limasungidwa pamodzi ndi ola. Kuyambira pa QGIS 3.0, yomwe inatuluka mu 2018, pulogalamuyi imayamba kukupatsani GeoPackage mukafuna kusunga leya.

Za kukula kwa fayilo anthu ambiri amangodziwa kuti shapefile imathera pa magigabaiti 2, n'kumati ife sitidzafikako. Mwina n'zoona, koma m'pofunika kudziwa mbali yomwe imayamba kudzaza. Malirewo ndi a fayilo iliyonse payokha. Ya `.shp`, yosunga malo, imatha kunyamula timadontho pafupifupi 70 miliyoni isanadzaze, chifukwa kadontho kamodzi kamangodya mabaiti 28. Yomwe imafulumira ndi `.dbf`, ya tebulo. Imagwira ntchito ngati kaundula wa kusukulu momwe mwana aliyense wapatsidwa mpata wofanana, kaya dzina lake ndi lalifupi kaya lalitali. Kolamu ikaikidwa kuti ndi ya zilembo 254, mzere uliwonse umadya mabaiti 254, ngakhale mutangolembamo "inde" kapena kusiya osalemba kanthu. Tiwerengere limodzi. Leya ya nyumba ili ndi makolamu 10 a mawu, iliyonse ya zilembo 254, ndiye kuti nyumba imodzi ikudya mabaiti 2,540. Nyumba zikakwana 1 miliyoni, tebulo lafika magigabaiti awiri ndi theka. Mapulogalamu ena amangochenjeza n'kupitiriza kulemba, koma ena sangathe kuitsegula bwino fayilo yoteroyo, ndipo vuto limaonekera kwa wolandira, osati kwa wotumiza.

Mu GeoPackage mawu amadya malo molingana ndi kutalika kwake, ndipo malire a SQLite ali pa materabaiti oposa 100, kutali ndi ntchito iliyonse ya khonsolo. Chomwe chingakuletseni ndi fulashi: yokonzedwa m'njira ya FAT32 siilandira fayilo yoposa magigabaiti 4. Dziwaninso kuti mukafufuta leya mu GeoPackage, fayilo siichepa nthawi yomweyo. Malo otsalawo amangosungidwa kudikira zatsopano, mpaka mutalamula `VACUUM`.

Tsopano nkhani ya maleya ambiri, yomwe kwa ine ndi yomwe imagamula mlanduwu. Shapefile si fayilo imodzi. Leya iliyonse imafuna mafayilo atatu osasiyanitsika, `.shp`, `.shx` ndi `.dbf`, ndipo kawirikawiri pamakhalanso `.prj` ndi `.cpg`. Komanso shapefile imodzi imasunga leya imodzi yokha, ya mtundu umodzi: timadontho sitingakhale limodzi ndi mizere. Mapu a boma okhala ndi maleya 8, monga mijigo, sukulu, zipatala, misika, misewu, mitsinje, nkhalango ndi malire, amabala mafayilo 40 mu foda imodzi. Munthu wosazolowera akapemphedwa kuti atumize mapu a mijigo amasankha `mijigo.shp` yokha n'kuiponya pa imelo, ndipo wolandira satha kuchita nayo kanthu. `.dbf` ikatsala, timadontho timatha kuoneka koma topanda mayina. `.prj` ikatsala, pulogalamu siidziwa njira yomwe malowo anayezedwera, ndipo wina akasankha molakwika mijigo ya ku Dedza imakagwera kutali ndi Malawi. `.cpg` ikatsala, zilembo zapadera zimatha kusokonekera: amene amalemba dzina la dziko lathu ndi ŵ amapeza tizilembo tiwiri tachilendo pamalo pa chilembocho.

Mu GeoPackage maleya 8 aja amalowa mu fayilo imodzi, `boma.gpkg`, pamodzi ndi njira yoyezera malo ya leya iliyonse, ndipo zilembo zonse zimasungidwa mwa UTF-8. QGIS imalolanso kusungamo mitundu ndi zizindikiro zomwe munasankha, ngakhale pulojekiti yonse. Kusonkhanitsa mashapefile akale sikovuta. Mu QGIS muli chida chotchedwa `Package layers`, ndipo ozolowera kulemba malamulo angachite motere:

```
ogr2ogr -f GPKG boma.gpkg mijigo.shp -nln mijigo
ogr2ogr -f GPKG -update boma.gpkg misewu.shp -nln misewu
```

Mzere woyamba ukupanga fayilo n'kuikamo mijigo. Wachiwiri ukuwonjezera misewu, ndipo `-update` ndi amene akunena kuti itsegule fayilo yomwe ilipo kale.

Kuika zonse pamodzi kuli ndi ngozi yake, ndipo sindikufuna kuti ibisike. Mukamasunga leya yatsopano mu GeoPackage yomwe ilipo kale, QGIS imatha kufunsa ngati mukufuna `Overwrite File` kapena `Overwrite Layer`. Chachiwiri chimangosintha leya imodziyo. Choyamba chimafafaniza fayilo yonse, ndipo maleya ena 7 aja amapita nthawi imodzi. Ndi shapefile, dzanja likaterereka mumataya leya imodzi yokha. N'chifukwa chake GeoPackage imafuna kuti kope lake lizisungidwa pena nthawi ndi nthawi.

Ngozi ina ndi yokopera fayilo ili yotsegula. Mukamakonza leya, pafupi ndi `boma.gpkg` pamaoneka timafayilo tiwiri tothera ndi `-wal` ndi `-shm`. Zomwe mwangosintha kumene zimatha kukhala zili mu `-wal`, zisanalowe mu fayilo yaikulu. Mukakopera `boma.gpkg` yokha pa fulashi nthawi imeneyo, mnzanu adzapeza mapu opanda mijigo yomwe mwaonjezera m'mawa uno. Tsekani QGIS kaye, onani kuti timafayilo tija tasowa, kenako koperani. Magetsi akathima pakati pa ntchito musatifufute, ingotsegulaninso fayiloyo mu pulogalamu kuti imalize yokha. Pa chifukwa chomwechi, anthu angapo asamakonze GeoPackage imodzi nthawi imodzi kudzera pa foda yogawana ya mu ofesi. Ntchito yotero imafuna nkhokwe yeniyeni monga PostGIS.

Maganizo anga ndi akuti kope lenileni la ntchito, lomwe mumakonza ndi kudalira, likhale mu GeoPackage. Shapefile ikadali ndi malo ake, chifukwa mapulogalamu ena akale ndi maofesi ena amalandira iyo yokha, ndipo kukangana nawo sikuthandiza. Akaipempha, itulutseni kuchokera mu GeoPackage monga kope longotumiza. Musanatero, fupikitsani mayina nokha m'malo mosiyira makina, ndipo ikani chosiyanitsa mkati mwa zilembo khumi zija: `anthu_2008` ndi `anthu_2018` ali ndi zilembo 10 ndendende. Lembani kapepala kofotokoza tanthauzo la kolamu iliyonse, mangani mafayilo onse asanu pamodzi mu `.zip`, ndipo muitsegule nokha kamodzi kuti muone mayina ndi chiwerengero cha mizere musanaitumize.