Malaya akathimbirira, yambani mwafunsa madzi

Mayi wina amene ndimamudziwa anasamuka m'nyumba ya lendi pakati pa mzinda wa Lilongwe n'kukalowa m'nyumba yake kunja kwa mzindawu, kumene mapaipi a boma sanafike. Anakumbitsa mjigo, naika thanki pamwamba. Makina ochapira anali omwewo a chitseko cha kutsogolo, sopo anali yemweyo wamadzi, koma pasanathe miyezi itatu malaya oyera a yunifomu ya ana anali atathimbirira, ndipo matawulo akauma ankakhala okhakhala ngati chiguduli. Anayamba waganiza kuti sopo wamugula wabodza. Kenako anati makina akalamba. Chimene chinasintha pa zonsezi chinali chimodzi chokha, madzi.

Madzi a pansi amadutsa m'miyala ndi m'dothi, ndipo paulendowo amasungunula mchere wa kashiamu ndi maginiziyamu. Mcherewu sumveka kwenikweni pa lilime, koma pochapa umagwirana ndi sopo n'kumulanda mphamvu, moti gawo lina la sopo amene mwathira limathera kulimbana ndi madzi lisanakhudze n'komwe litsiro. Zotsalira zake zimamatirira mu ulusi wa nsalu, ndipo n'zimene zimathimbiriritsa malaya ndi kuumitsa tawulo. Madzi a mvula alibe mchere umenewu. Madzi a m'mipopi ya m'mizinda yathu ikuluikulu amachokera m'mitsinje ndi m'madamu, a ku Lilongwe ku madamu a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe, ambiri a ku Blantyre ku Walker's Ferry pa Shire, ndipo madzi otere nthawi zambiri amakhala opepukirapo kusiyana ndi a pa mjigo. Koma mijigo imasiyana, ngakhale ya m'mudzi umodzi, choncho ndi bwino kuyeza anuwo.

Kuyeza kwake sikulira ndalama. Suzumirani m'ketulo kapena m'poto wowiritsira madzi. Ngati pansi pake pakanirira zoyera zolimba ngati laimu, madzi anu ndi olemera. Njira ina ndi ya mabotolo awiri ofanana. Thirani madzi anu m'botolo limodzi mpaka theka, m'linalo madzi a mvula, ndipo palirani timitsitsi tofanana ta sopo wamtanda m'botolo lililonse n'kukhutchumula. M'madzi a mvula mubwera thovu lambiri. M'madzi olemera thovu likhala lochepa, madziwo achita mbuu ngati mkaka wosukuluka. Payenera kukhala sopo wamtanda, chifukwa waufa ndi wamadzi amachita thovu ngakhale m'madzi olemera ndipo angakupusitseni.

Mukawadziwa madzi anu, kusankha sopo sikuvutanso. Sopo waufa ndiye amalimbana bwino ndi madzi olemera, chifukwa muufawo muli soda wochapira ndi zinthu zina zogwira kashiamu uja kuti asasokoneze ntchito. Ufa wambiri wopangira makina ulinso ndi mankhwala oyeretsa amene amatulutsa okosijeni akanyowa, ndipo amenewa ndi amene amabweza kuyera kwa malaya ndi kuchotsa madontho a tiyi. Ufa umachitanso bwino pa matope, ngati a katondo amene ana amabwera nawo pa masokosi m'dzinja. Koma uli ndi zofooka ziwiri. Mankhwala oyeretsawo amadzuka bwino madzi akafunda, kuyambira pa madigiri 40, ndipo m'madzi ozizira a mu Juni ufa umachedwa kusungunuka, n'kusiya mizere yoyera pa zovala zakuda.

Sopo wamadzi safuna kusungunuka, choncho amagwira ntchito nthawi yomweyo ngakhale m'madzi ozizira kapena pochapa mwachidule. Ndi katswiri pa mafuta, kaya a m'khosi mwa malaya, kaya a ndiwo pa epuloni, ndipo mukhoza kudontheza pang'ono pamalo pothimbirirapo n'kupaka ndi chala musanaponye chovalacho m'makina. Mankhwala oyeretsa a okosijeni aja mulibe, chifukwa sakhalitsa m'botolo la zamadzi. Zimenezi ndi zabwino kwa chitenje chanu ndi zovala zakuda, zomwe sizisuluka msanga, koma ndi chifukwa chakenso zoyera zimanka zithimbirira. Mphamvu yake yofewetsa madzi ndi yochepanso poyerekeza ndi ya ufa.

Makapisozi ndi sopo wamadzi wokhuthala wokutidwa m'kapepala kosungunuka m'madzi. Ubwino wake ndi woti simuyeza, koma kuipa kwake kuli pomwepo. Kapisozi mmodzi anapimidwira zovala za makilogalamu anayi kapena asanu zakuda mwapakatikati. Mukachapa malaya atatu okha mwataya sopo, ndipo simungamudule pakati. Madzi akakhala olemera mufunika awiri, mtengo wa chapo limodzi n'kuwirikiza. Kapisozi amaikidwa pansi pa mgolo wa makina zovala zisanalowe, osati m'kabokosi kothiramo sopo. Mukapanikiza zovala kapena kuchapa mwachidule ndi madzi ozizira, kapepala kaja sikasungunuka konse, mumakapeza katamatirira pa chovala ngati ulimbo. Sagwiridwa ndi manja onyowa, ndipo m'chinyezi cha dzinja amamatirirana bokosi likapanda kutsekedwa. Pakhomo pa ana aang'ono akhale pamwamba potsekeka, chifukwa amaoneka ngati maswiti, ndipo akaphulikira m'kamwa kapena m'maso mwa mwana ndi nkhani ya kuchipatala.

Funso lachiwiri ndi la makina. Makina a migolo iwiri, wina wochapira wina wofinyira, amene mumathira nokha madzi ndi ndowa, sasankha sopo. Ufa wamba wochapira pamanja, umene ambiri timangouti safu, umagwira bwino ntchito mmenemo. Chofunika ndi kuyamba ndi madzi, kuthira ufa, kuyendetsa makina mphindi imodzi kuti usungunuke, zovala n'kubwera pambuyo. Makapisozi m'makina otere ndi kutaya ndalama, chifukwa madzi ndi ambiri, ndi ozizira, ndipo chapo chimatha msanga. Makina odziyendetsa okha a chivundikiro cha pamwamba nawonso amagwiritsa ntchito madzi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo satenthetsa madzi. Mmenemo sopo wamadzi amayenda bwino, ndipo mukafuna ufa yambani mwausungunula m'kapu ya madzi ofunda.

Makina a chitseko cha kutsogolo ndiwo osankha. Amamwa madzi ochepa, malita pafupifupi 50 pa chapo chonse, ndipo amachapa potukula zovala n'kuzigwetsa, monga mmene timamenyera chovala pa mwala kudambo. Thovu likachuluka zovala zimagwera pa thovulo ngati pa matiresi, osachapika. Makina amalephera kufinya, amabwereza kutsukuluza, nthawi zina thovu limatulukira m'kabokosi ka sopo. Choncho pamafunika sopo wosachita thovu lambiri, amene pa paketi pake palembedwa kuti ndi wa makina a otomatiki kapena pajambulidwa makina a chitseko chozungulira. Tinakula tikuyesa mphamvu ya sopo ndi thovu, koma thovu silichapa. Mukaona lakwera kupitirira theka la galasi la chitseko, sopo wachuluka kapena si wa makinawo.

Tibwerere kwa mayi uja. M'ketulo mwake munali mutayera kale, ndiye za madzi panalibenso chokayikitsa. Anagawa zochapa pawiri. Zoyera, matawulo ndi zofunda anayamba kuchapa ndi ufa wa otomatiki pa madigiri 40, nthawi zina 60, pa pulogalamu yaitali ya thonje. Zitenje ndi zakuda anasiyira sopo wamadzi pa madigiri 30. Muyezo anausinthanso. Kumbuyo kwa paketi kumakhala tchati chosonyeza muyezo wa madzi opepuka, apakatikati ndi olemera, ndipo iye anasamukira pa mzere wa madzi olemera, nasiya kuthira mongoyerekeza ndi maso.

Apa ndi pamene mtengo weniweni umaonekera. Tiyerekeze kuti paketi ya makilogalamu awiri ikuti magalamu 80 pa madzi opepuka ndi 110 pa madzi olemera. Wa madzi opepuka achapa maulendo 25, wa pa mjigo maulendo 18 okha. Gawani mtengo wa paketi ndi 18, osati ndi nambala yaikulu yolembedwa kutsogolo kwa paketi, ndipo muchite chimodzimodzi ndi botolo komanso bokosi la makapisozi, powerengera awiri pa chapo. Mukatero mukufananitsa mtengo wa chapo chimodzi, umene ndi umene thumba lanu limamva.

Panatuluka vuto lina limene nyumba zambiri za thanki zimalidziwa. Madzi otsika m'thanki yosakwera kwambiri amalowa m'makina mwaulesi, ndipo ufa unkatsalira m'kabokosi utaumbika ngati nsima yozizira. Mankhwala ake anali kuthira ufawo m'mgolo mwenimwenimo zovala zisanalowe. Anaphunziranso kusathira jiki. Madzi ena a pa mjigo ali ndi chitsulo, chimene chimadziwika ndi mizere yofiirira m'sinki kapena m'ndowa imene yagonamo madzi. Jiki akakumana ndi chitsulocho chimasanduka dzimbiri, malaya oyera n'kutuluka achikasu kuposa mmene analowera.

Palinso madzi a mchere womveka pa lilime, ofala m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Amenewa ufa umathandiza pang'ono chabe, chifukwa soda sachotsa mchere wotero. Kumeneko nzeru ndi kusunga madzi a mvula kapena kutunga ena abwino otsukuluzira komaliza, kuti mchere usaumire m'nsalu. Ndipo kaya madzi anu ndi otani, juzi yaubweya weniweni isakumane ndi ufa wamba, chifukwa soda amawononga ubweya. Imafuna sopo wamadzi wofatsa wopangira zovala zotero.

Makina nawonso amafuna kuchapidwa. Amene amangodya sopo wamadzi kapena makapisozi m'madzi ozizira amaunjika ndere m'mphira wa chitseko, ndipo zovala zimatuluka zikununkha chinyezi. Kamodzi pa mwezi ayendetseni opanda zovala pa madigiri 60 ndi ufa wa otomatiki, ndipo mukatha kuchapa muzisiya chitseko chotsegula kuti muume. Mayi uja amatero kumayambiriro kwa mwezi uliwonse. Malaya akale aja sanayere tsiku limodzi, anatenga machapo angapo, koma amene anagula chaka chotsatira sanathimbirirenso.