Mkaka woyamba kutuluka umaulula matenda a bere

Mlimi akabwezedwa ndi chigubu chake kumalo osonkhanitsira mkaka ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, kawirikawiri amaganiza kuti wachedwa panjira ndiye mkaka wasasa. Nthawi zina vuto limakhala litayambira m'bere mwa ng'ombe masiku angapo apitawo. Ndi matenda otupitsa bere, omwe alangizi amawatchula kuti masitaitisi, ndipo amayamba tizilombo tikalowa pakabowo ka kunsonga kwa bere.

Bere la ng'ombe lili ndi zigawo zinayi zosalumikizana. Chimodzi chikhoza kudwala zitatuzo zili bwinobwino, ndipo mkaka ukasakanikirana m'ndowa simungaonenso kanthu. N'chifukwa chake musanayambe kukama muzifinyira kawiri kapena katatu kuchokera kunsonga iliyonse m'kapu yoyesera, yomwe imakhala ndi kambale kakuda pamwamba. Ngati mulibe, nsalu yakuda yochapa bwino yomangidwa pakamwa pa kapu imagwira ntchito yomweyo. Mkaka wabwino umangodutsa. Wodwala umasiya timibulu kapena tinthu tonanda ngati mamina, pena umakhala wamadzimadzi, wachikasu kapena wamagazi. Mkaka umenewu musaufinyire pansi, chifukwa ng'ombe idzagona pomwepo.

Tiyerekeze kuti m'mawa wina nsonga yakumbuyo kumanzere yatulutsa timibulu. Gwirani chigawo chimenecho ndi kuseri kwa dzanja, mufanizire ndi chinzake chakumanja. Ngati chikutentha, chalimba, kapena ng'ombe yofatsa ikuponya mwendo mukachikhudza, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Kamani zigawo zabwinozo kaye, chodwalacho pomaliza, m'chiwiya chapadera, mpaka mkaka utheretu, ndipo muutaye. Ng'ombe ikapatsidwa mankhwala, mkaka wake wonse usagulitsidwe kapena kumwedwa kufikira atakwana masiku olembedwa pamankhwalawo. Koma ikasiya kudya, thupi n'kutentha, musadikire kuti kuche, pakuti ikhoza kufa.

Kapuyi ili ndi malire ake. Matendawa amathanso kubisala, mkaka n'kumaoneka bwino koma ukuchepa. Apo pamafunika mlangizi ayeze ndi mbale ya zigawo zinayi ija, momwe mkaka wodwala umananda ukasakanizidwa ndi mankhwala oyesera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kansalu kamodzi kopukutira ng'ombe zonse m'khola, chifukwa ndi kamene kamasamutsa tizilombo. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi nsalu yake yowiritsa n'kuyanika padzuwa. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani nsonga ndi madzi ofunda, muziumitse, ndipo muzikama mofinya ndi dzanja lonse, osati mokoka. Mukamaliza, viikani nsonga iliyonse m'mankhwala a ayodini opangira ntchitoyi. Kabowo kaja kamakhalabe kotseguka kwa mphindi zosachepera 30, choncho ikani nsenjere m'chodyeramo nthawi yomweyo kuti ng'ombe idye chiimire m'malo mokagona m'ndowe, makamaka nyengo ya dzinja pamene khola limachita matope.