Kulembera kampani imene sinalengeze ntchito

Pa mageti a mafakitale ku Kanengo, ku Makata kapena ku Luwinga, chikwangwani chonena kuti ntchito palibe sichisowa. Komabe mukafunsa anthu amene amalowa pa mageti omwewo m'mawa uliwonse atavala maovolosi, mupeza kuti ena mwa iwo sanawonepo chilengezo cha ntchito yawo m'nyuzipepala. Wina anabwera kudzaphunzira ntchito n'kukhazikika, wina anaitanidwa pamene mmisiri anasiya mwadzidzidzi ndipo bwana analibe nthawi yolengeza. Pa tsiku lotere bwana amayamba watsegula fayilo ya makalata amene anafika kale. Kalata imene tikunena pano ndi imene mumalemba kuti dzina lanu likapezeke m'fayilo imeneyo.

Kalatayi imasiyana ndi yofunsira ntchito yolengezedwa. Pa ntchito yolengezedwa, kampani yanena kale zimene ikufuna, inu mumangosonyeza kuti muli nazo. Pano palibe amene wakuuzani kanthu, choncho udindo wodziwa chimene kampaniyo ingasowe uli pa inu. Apa m'pamene ambiri amagwera. Amalemba kuti akupempha "ntchito iliyonse imene ingapezeke", poganiza kuti kudzichepetsa kotereku kutsegula makomo ambiri. Koma amene walandira kalatayo sadziwa koipititsa, kaya kwa mkulu wa amisiri, kwa wowerengera ndalama kapena kwa woyang'anira mosungira katundu. Kalata yosowa mwini wake imathera m'dirowa.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mtsikana amene wamaliza maphunziro a zamagetsi pa koleji ya ntchito zamanja yovomerezedwa ndi TEVETA. Pa maphunziro akewo anakhalapo miyezi isanu ndi umodzi pa fakitale ya ufa, akukonza mamota ndi mabokosi a masiwichi. Tsopano akufuna kulembera kampani ina yoyenga mafuta ophikira kuchokera ku soya ndi mpendadzuwa.

Asanagwire cholembera, ayenera kudziwa zinthu ziwiri: nthawi imene kampaniyo imatanganidwa, ndi munthu amene amayang'anira amisiri. Za nthawi n'zofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa ntchito zambiri m'Malawi zimayenda ndi nyengo ya mbewu. Soya amakololedwa cha m'ma Epulo ndi Meyi, ndipo akayamba kulowa m'nkhokwe za kampani makina amagwira ntchito kwambiri, kuwonongeka kwake n'kuchulukanso. Msika wa fodya nawo umatsegulidwa kawirikawiri mu Epulo, pamenenso mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa amakhala akuyamba kapena kukonzekera kugaya nzimbe. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amathyoledwa kwambiri m'nyengo ya mvula. Mtsikana wathuyu akalemba mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, kalata yake idzafika mabwana akuwerengera anthu amene adzawafune. Akalemba mu Julayi, adzapeza malo atadzaza kale.

Za munthu woyenera kulandira kalata, kuimba foni kamodzi ku ofesi yolandirira alendo kumakwanira. Afunse mwaulemu udindo ndi dzina la mkulu wa amisiri, ndi kalembedwe kake ka dzinalo. Ine ndimalangiza kuti kalata ipite kwa mkulu ameneyu, ina yofanana nayo ipite ku ofesi yowona za olembedwa ntchito. Ofesiyo ndi imene imasunga mafayilo, koma amene amamva kuwawa mota ikapsa pakati pa usiku ndi mkulu wa amisiri, ndipo ndi iyeyo amene angakumbukire kuti pali wina analemba za mamota.

Kalata yeniyeniyo isapitirire tsamba limodzi. Makampani ambiri amayembekezera kuti ikhale m'Chingerezi, koma mfundo zake tingaziyale m'Chichewa motere. Chiganizo choyamba chinene poyera kuti wolembayo akudziwa kuti palibe ntchito imene yalengezedwa, ndipo akufunsa ngati mwayi ungadzapezeke kutsogolo kwa mmisiri wa zamagetsi. Kunena izi msanga kumathandiza, chifukwa wowerenga sataya nthawi kufufuza chilengezo chimene kulibe.

Ndime yachiwiri ndiyo mtima wa kalata, ndipo ndi imene iyenera kumudyera nthawi. Asalembe kuti ndi wolimbikira ntchito ndi wokhulupirika, pakuti aliyense amalemba zomwezo ndipo palibe angazitsimikize papepala. Alembe zimene manja ake anachita, mwachitsanzo: "Pa miyezi isanu ndi umodzi imene ndinali pa fakitale ya ufa, ndinkayeza ndi kulumikiza mamota a mafezi atatu, ndinkasintha zida zakupsa m'mabokosi a masiwichi, ndiponso ndinkathandiza kusamutsira makina ku jenereta magetsi akazima." Kenako alumikize zimenezi ndi kampaniyo: kuti akudziwa kuti nyengo yogula soya yayandikira, ndipo ali wokonzeka kugwira mashifiti a usiku kapena kuyamba ndi kontirakiti ya miyezi yochepa. Mawu omalizawa ndi olemera. Bwana amene sangalembe munthu wokhazikika popanda chilolezo cha akuluakulu ake nthawi zambiri angathe kutenga wa miyezi itatu.

Ndime yomaliza ikhale ndi pempho limodzi laling'ono, loti munthu wotanganidwa angathe kuvomera. Asapemphe kulembedwa ntchito lero. Apemphe kuti mapepala ake asungidwe, ndi kuti ngati n'kotheka aonane ndi bwanayo kwa mphindi khumi. Anenenso tsiku limene adzaimbe foni, monga pakatha masabata awiri, ndipo tsikulo likakwana aimbedi. Za malipiro asazitchule n'komwe pano.

Pamodzi ndi kalata apereke sivi yosapitirira masamba awiri, yokhala ndi maina ndi manambala a anthu awiri omuchitira umboni amene wawapempha kale, komanso mafotokope a masatifiketi. Masatifiketi enieni asatuluke m'nyumba. Ngati akutumiza pa imelo, zonse zikhale m'fayilo imodzi ya PDF yotchulidwa dzina lake, ndipo pa mutu wa uthenga alembe zomveka, monga `Expression of Interest: Electrical Technician`. Ngati akukapereka pamanja, ayesetse kufika ku ofesi yolandirira alendo m'malo mosiyira envelopu pa geti, ndipo alembe penapake tsiku ndi dzina la amene walandira.

Yankho limene labwera limasonyeza pamene zinthu zili. Akati "tasunga mapepala anu" osawonjezera kanthu, umenewo ndi ulemu chabe; alembenso pakatha miyezi itatu kapena inayi, makamaka ngati wapezako luso latsopano. Akamufunsa mtundu wa mamota amene anagwirapo, kapena tsiku limene angayambe, ndiye kuti kalata yafika pa tebulo loyenera. Akangoti zii ngakhale ataimba foni, asiye kaye. Kuimba tsiku ndi tsiku kumachititsa kuti dzina lake likumbukiridwe pa chifukwa cholakwika.

Njirayi ili ndi malire ake. M'boma, m'makampani a boma ndi m'mabungwe ambiri oyendera thandizo la kunja, malamulo awo amafuna kuti ntchito ilengezedwe ndipo anthu apikisane, choncho kalata yotere singakulowetseni pokhapokha mukupempha malo ophunzirira ntchito. Imagwira bwino m'makampani a anthu wamba: mafakitale, magalaja, mahotela, maesiteti ndi makontirakita a zomangamanga, kumene bwana mmodzi ali ndi mphamvu yoitana munthu.

Chenjeraninso ndi anthu amene amadyera pa ulova wa anzawo. Wina akakuimbirani kuti kalata yanu yaoneka koma mutumize kaye ndalama pa foni kuti fayilo iyende, musatumize ngakhale tambala. Imbani nambala ya ofesi ya kampaniyo, mufunse ngati munthuyo amagwiradi ntchito kumeneko, ndipo muwauze zimene wakupemphani.