Chilembo chimodzi chikasokonekera m'buku la uinjiniya

Buku la uinjiniya lili ndi zigawo zimene womasulira amazimasulira, ndi zina zimene sayenera kuzikhudza n'komwe. Mawu ofotokoza ndi ake, akhoza kuwapanga kuti amveke bwino m'Chichewa. Koma fomula si yake. Tione zimenezi pa chitsanzo chimene wophunzira aliyense wa zomangamanga amakumana nacho koyambirira: chitsulo chobulungira chimene chikukokedwa ndi katundu wolemera.

Fomula yake ndi σ = F/A. Pansi pake buku limatanthauzira zilembo: F ndi mphamvu yokoka, A ndi kukula kwa nkhope ya chitsulocho pamene chadulidwa pakati, ndipo σ, chilembo cha Chigiriki chotchedwa sigima, ndi mphamvu imene ikugwera kachigawo kalikonse ka nkhopeyo. Womasulira wofuna kuthandiza angaganize kuti popeza walemba "mphamvu", F asanduke M. Apa ndiye walakwitsa. M'mitu ya kutsogolo ya buku lomwelo M ali kale ndi ntchito yake, yoimira mphamvu yopinda mtanda, ndipo wophunzira akadzatsegula buku lina adzapeza F ali pomwepo. Chilembo chikhale mmene chilili, chimasuliridwe ndi chiganizo chochitanthauzira basi.

M'matanthauzomu ndi mmene muli ntchito yeniyeni. Liwu lakuti "mphamvu" timaligwiritsa ntchito pa zinthu zimene injiniya amazisiyanitsa: yokoka kapena kukankha imayezedwa mu N, ya ntchito imene yagwirika mu J, ya liwiro la kagwiridwe ka ntchitoyo mu W. Choncho womasulira wanzeru amayamba walemba ndandanda ya chilembo chilichonse, dzina limodzi limene wachipatsa ndi muyezo wake, n'kuitsatira mpaka tsamba lomaliza. Kusinthasintha mawu kumakometsa nthano, koma kuno wowerenga amayesa kuti dzina latsopano ndi chinthu chatsopano.

Tsopano tiwerengere. Chitsulo chili ndi dayamita ya 20 mm, ndipo chikukokedwa ndi mphamvu ya 50 kN, kutanthauza 50 000 N. Nkhope yake timaipeza ndi A = πd²/4, yomwe ikutipatsa 314 mm². Tikagawa 50 000 ndi 314 tikupeza pafupifupi 159 N/mm², kapena kuti 159 MPa. Chitsulo wamba chofewa chimayamba kutamuka osabwereranso pa 250 MPa kapena chapafupi pamenepo, ndiye chathuchi chikadali bwino.

Nanga ka 2 kakang'ono kali pamwamba pa d kaja katatsika? Zimachitika kawirikawiri mawu akamakoperedwa kuchoka mu PDF kupita m'pulogalamu yolembera: d² amasanduka d2. Wophunzira adzachulukitsa 20 ndi 2 m'malo mochulukitsa 20 ndi 20, nkhope idzatuluka 31.4, ndipo yankho lidzakhala pafupifupi 1590 MPa. Lakula kakhumi. Chitsulo chimene chinali chokwanira chaoneka ngati chaduka kalekale, pamene chiganizo chilichonse cha Chichewa patsambalo n'cholondola.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuwerenga kokha sikokwanira poyesa ntchito yotereyi. Munthu atenge kakyuleta, atsatire chitsanzocho monga chalembedwera m'Chichewa, osasuzumira buku loyambirira, aone ngati afika pa 159. Akapanda kufika, pali chimene chagwa panjira. Aonenso miyezo: N kugawa ndi mm² iyenera kubereka N/mm². Ikatuluka N/mm, ndiye kuti ka 2 kena kasowa.

Zilembo zina zimangofanana nkhope. Chilembo cha Chigiriki ρ chimaoneka ngati p, ν ngati v, ndipo l wamng'ono, I wamkulu ndi nambala 1 m'zilembo zina zosindikizira simungazisiyanitse. Fonti ikasintha, σ akhoza kutuluka ngati s kapena kabokosi kopanda kanthu. Ngakhale kapendekedwe kali ndi tanthauzo: m wopendekeka amaimira kulemera kwa chinthu, m woongoka ndi mita. Kukula kwa chilembo nakonso si kokongoletsa ayi. Wina akakonza MPa kukhala mPa, wachepetsa muyezowo ka 1 000 000 000.

Palinso nkhani ya kadontho ndi koma. Ku Malawi ndi ku Zambia timalemba 31.4, pamene anzathu a ku Tete, amene anaphunzira masamu m'Chipwitikizi, amalemba 31,4. Buku likalemba 1,590 MPa, wa ku Lilongwe awerenga nambala yoposa chikwi, wa ku Angónia awerenga nambala yosafika pa ziwiri. Ngati bukulo lidzawerengedwa mbali zonse za malire, njira yabwino ndi kulekanitsa zikwi ndi mpata, monga 50 000, n'kunena patsamba loyamba kuti m'buku lonselo chodulira nambala ndi kadontho.