Liwombo likalowa: matenda otsegula m'mimba ndi katemera wa m'kamwa

M'mwezi wa Juni chaka china, katemera wa rotavairasi asanafike kuno ku Chadiza, ndinaitanidwa usiku kukabatiza mwana wa miyezi 7 amene makolo ake anali atataya mtima. Anayamba ndi kusanza ndi kutentha thupi Lachitatu, Lachinayi n'kuyamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha. Pofika Lachisanu maso anali atalowa, liwombo litalowa, akulira wopanda misozi. Agogo ake anali atamata mankhwala pa liwombo. Tinamuthamangitsira kuchipatala pa njinga, anamuika diripu, ndipo anachira.

Anasi anatiuza kuti liwombo silinali nthenda ayi. Chinali chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi. Nthawi zambiri chimene chimatsegula mwana m'mimba motere, makamaka m'nyengo yozizira, ndi kachirombo kotchedwa rotavairasi.

Kachiromboka kamatuluka m'chimbudzi cha mwana wodwala, n'kufika m'kamwa mwa mwana wina kudzera m'manja, m'matewera kapena pamphasa pamene akukwawa. Pakapita masiku ngati awiri, matenda amayamba. M'kati mwa matumbo muli tinthu tating'onoting'ono tonga ubweya timene timayamwa madzi ndi chakudya. Rotavairasi amawononga timeneti, ndiye madzi amangodutsa. Popeza mwana akusanzanso, zimene mwam'mwetsa zimabwerera. Thupi la khanda ndi laling'ono, sililimba kutaya madzi uku ndi uku.

Makapisozi ogula pa kantemba sapha kachiromboka. Ukhondo ndi wofunika, koma paokha sukwanira: katemera asanabwere, pafupifupi mwana aliyense ankadwala rotavairasi asanakwanitse zaka 5, ngakhale m'maiko olemera a madzi a m'mipope.

Madokotala anaona chinthu chimodzi. Kudwala koyamba ndiko kumakhala koopsa. Mwana akapulumuka, thupi limakadziwa kachiromboka, ndipo akadzadwalanso matenda amakhala opepuka. Katemera amagwira ntchito pamenepa. M'timadontho timene anasi amathira m'kamwa muli rotavairasi wamoyo koma wofooketsedwa. Amafika m'matumbo momwemo mmene mdani weniweni adzafikire, thupi n'kupanga chitetezo popanda mwana kudwala kwambiri. Kudwala koyamba kuja mwana amakudutsa ali pamiyendo ya amake kusikelo, osati pabedi la chipatala.

Katemerayu anayambira m'chigawo cha Lusaka mu 2012, ndipo mu Novembala 2013 boma linamufikitsa m'dziko lonse. Pachipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka anali kupima ana ogonekedwa chifukwa chotsegula m'mimba. Katemera asanayambe, pa ana 100 otere, pafupifupi 40 ankapezeka ndi rotavairasi. Pofika 2014 anatsika kufika pafupifupi 25.

Tisanamizane, katemerayu satseka khomo lonse. Mwana wolandira katemera angathe kutsegulabe m'mimba, chifukwa pali tizirombo tina timene katemerayu satikhudza, ndipo ngakhale rotavairasi yemweyo nthawi zina amadutsa. Chimene katemera amachepetsa kwambiri ndi kudwala kwa kayakaya kofuna diripu. Kwa ife a m'midzi ya kutali ndi boma, kusiyana kwake n'kwakukulu. Mwana wodwala pang'ono amasamalidwa pakhomo. Wodwala kwambiri afuna ngolo kapena honda usiku, ndipo amake amagona m'chipatala masiku angapo chimanga chikudikira kukololedwa kumunda.

Nthawi yake ndi yofunika. Madontho oyamba amaperekedwa mwana ali ndi masabata 6, achiwiri pa masabata 10. Mtundu wina wa katemerayu uli ndi achitatu pa masabata 14. Funsani anasi, ndipo onani kuti alemba pa khadi la sikelo. Musanene kuti tidzapita tikatha kukolola, chifukwa matendawa amakonda ana osakwana chaka, ndipo chitetezo chiyenera kufika iwo asanafike. Mwana akayamba kulira mwadzidzidzi akupinda miyendo, kusanza mobwerezabwereza kapena kuchita chimbudzi cha magazi m'sabata yotsatira katemera, pitani naye kuchipatala msanga. Izi zimachitika kwa ana ochepa kwambiri, koma sizidikira kucha.

Nanga akatsegula m'mimba? Musaleke kuyamwitsa. Sungunulani paketi imodzi ya madzi a moyo mu lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira. Mwana wosakwana zaka ziwiri mum'patse kota kapena theka la kapu akangochita chimbudzi, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso. Kukiliniki adzakupatsani mapiritsi a zinki akumwa masiku 10 mpaka 14. Mutsirize ngakhale mwana aoneke kuti wachira.

Koma mukaona kuti akukana bere, walefuka, sakukodza, maso kapena liwombo zalowa, musayambe kufunafuna chomata pamutu. Nyamukani ulendo wa kuchipatala, mukum'mwetsa m'njira monse.