Kutulutsa mawu a m'mabulaketi mu Excel popanda kulembanso pamanja

Mndandanda wa katundu wa m'sitolo ya zipangizo zaulimi kawirikawiri umalembedwa ndi munthu amene ali pachangu. Dzina la katundu, mtundu wake ndi kulemera kwake, zonse amangoziunjika m'kabokosi kamodzi ka Excel: `Feteleza (NPK) 50kg`, pansi pake `Feteleza (Urea) 50kg`, kenako `Mbewu (soya) 10kg`. Kuwerenga kokha sikuvuta. Mutu umaima tsiku limene abwana afuna kuti mtundu wa katundu ukhale m'kolamu yakeyake kuti athe kusanja ndi kuwonkhetsa. Mizere ikakhala khumi, mungathe kungolembanso pamanja. Koma ikafika mazanamazana, dzuwa likuloweranipo, ndipo pena pake chala chiphonya ndithu.

Ntchitoyi Excel imaigwira ndi mafomula awiri ogwirizana, FIND ndi MID. Ambiri amangokopera fomula kwa mnzawo wa muofesi, n'kuikoka mpaka pansi osadziwa chimene ikuchita, ndiye ikalakwa amasowa pogwira. Chonsecho nkhani yake ndi kuwerenga zilembo basi, monga mwana wa sitandade wani amachitira ndi chala.

FIND imayankha funso limodzi lokha: chizindikiro chakutichakuti chili pamalo achingati kuchokera kumanzere? Tiyeni titenge kabokosi A2 momwe mwalembedwa `Feteleza (NPK) 50kg`. Mawu oti Feteleza ali ndi zilembo 8. Mpata wotsatirawo nawonso umawerengedwa ngati chilembo, choncho uli pamalo 9. Bulaketi lotsegula lili pa 10, N pa 11, P pa 12, K pa 13, ndipo bulaketi lotseka lili pa 14. Mukalemba mafomula awa m'mabokosi B2 ndi C2, loyamba likupatsani 10, lachiwiri 14:

```
=FIND("(",A2)
=FIND(")",A2)
```

MID ndiye imadula. Imafuna muiuze zinthu zitatu motsatana: kabokosi kodulamo, malo oyambira kudula, ndi kuchuluka kwa zilembo zoti itenge. Chachitatuchi n'chimene chimasokoneza anthu, chifukwa ambiri amaganiza kuti akuyenera kuiuza polekezera. Ayi, imafuna chiwerengero cha zilembo.

Poyambira mposavuta. Bulaketi lili pa 10 ndipo sitikulifuna, ndiye tiyambira pa 11, kutanthauza 10 kuwonjezera 1. Nanga zilembo zingati? Wina anganene kuti 14 kuchotsa 10 ndi 4. Koma taganizirani nyumba zondandalikana mumsewu umodzi: pakati pa nyumba nambala 10 ndi nyumba nambala 14 pali nyumba zitatu zokha, 11, 12 ndi 13. N'chifukwa chake pa 4 paja timachotsaponso 1, n'kutsala 3. M'kabokosi D2 mulemba motere:

```
=MID(A2,B2+1,C2-B2-1)
```

Yankho ndi `NPK`. Kokerani mafomula atatuwa mpaka pansi. Pa mzere wa Urea mabulaketi ali pa 10 ndi 15, zilembo zinayi. Pa mzere wa soya ali pa 7 ndi 12, zilembonso zinayi, kuyambira pa 8. Mzere uliwonse umadziwerengera wokha, kaya dzina la katundu ndi lalifupi kapena lalitali.

Mukafuna kuti zonse zikhale m'kabokosi kamodzi, paliponse pamene pali B2 ndi C2 ikanipo FIND yake:

```
=MID(A2,FIND("(",A2)+1,FIND(")",A2)-FIND("(",A2)-1)
```

Iyi ndiye fomula imene mumaiona ikuyendayenda m'maofesi. Ikuwoneka yoopsa, koma ndi yomweija. Langizo langa ndi loti pa fayilo yatsopano muyambe kaye ndi makolamu atatu aja, chifukwa manambala akakhala poyera, cholakwa sichibisala. Mukhoza kuwaphatikiza pambuyo pake mutakhutira.

Yankho lolakwika limakuuzani lokha pamene pavuta. Mukaona `(NP` m'malo mwa `NPK`, mwaiwala kuwonjezera 1 poyambira. Mukaona `NPK)` ndiye kuti mwaiwala kuchotsa 1 kumapeto. Excel ikakana fomula yonse musanaone n'komwe yankho, yang'anani zinthu ziwiri. Makompyuta ena anakonzedwa kuti magawo a fomula azilekanitsidwa ndi `;` osati `,` ayi, ndiye sinthani zizindikirozo. Chinanso, fomula yokopedwa mu Word nthawi zina imabwera ndi mitengero yopindika, pomwe Excel imafuna yowongoka. Ifufuteni n'kuilembanso pa kiyibodi.

Tsopano tibwere pa `#VALUE!`, chilembo chimene chimadzaza kolamu n'kukhumudwitsa munthu. Chimabwera pa zifukwa ziwiri zosiyana, ndipo kuzisiyanitsa n'kofunika kwambiri. Chifukwa choyamba n'choti m'kabokosimo mulibe bulaketi. Mzere wongoti `Khasu` ulibe choti chitulutsidwe, FIND yafufuza yalephera, ndipo yanena zoona. Chifukwa chachiwiri n'chobisika. Tiyerekeze kuti wolemba uja ankaika manambala kumayambiriro, n'kulemba `1) Feteleza (Urea)`. Apa bulaketi lotseka loyamba kupezeka lili pa 2, pomwe lotsegula lili pa 13. Samu ija ikhala 2 kuchotsa 13 kuchotsa 1, yankho n'kukhala -12. MID singatenge zilembo zochepera ziro, ndiye imabweza `#VALUE!` ngakhale kuti mawu oti Urea alimo bwinobwino.

Mankhwala ake ali mu FIND momwemo. Ili ndi gawo lachitatu limene ambiri salidziwa, loiuza malo oyambira kufufuza. Mukaiuza kuti bulaketi lotseka iyambe kulisaka pamene pali lotsegula, `1)` uja imamudumpha. Fomula ya mu C2 isintha motere:

```
=FIND(")",A2,B2)
```

Ine ndimaona kuti ndi bwino kulemba chonchi nthawi zonse, ngakhale pa mndandanda wooneka waukhondo, popeza palibe chimene mutaye.

Anthu ambiri akaona `#VALUE!` amathamangira IFERROR, imene inayamba kupezeka mu Excel 2007, n'kuiuza kuti pakalakwika isiye kabokosi kopanda kanthu. Kolamu imaoneka yoyera, inde, koma mwakwirira zinthu ziwiri m'dzenje limodzi: mzere wa khasu umene unalibedi bulaketi, ndi mzere wa Urea umene fomula yalephera kuuwerenga. Abwana akawonkhetsa, matumba ena asowa ndipo palibe adziwe kumene apita. Ngati mukufuna IFERROR, ipatseni mawu oti muwaone:

```
=IFERROR(MID(A2,B2+1,C2-B2-1),"ONANI")
```

Kenako sefani kolamuyo kuti mutsale ndi mizere ya `ONANI` yokha, muione umodziumodzi ndi maso.

Komabe `#VALUE!` ndi wabwino, chifukwa amakuwa. Zolakwa zopweteka ndi zimene zimabwera mwakachetechete, yankho likuoneka ngati labwino. FIND imaima pa chizindikiro choyamba chimene yakumana nacho, siyang'ana kutsogolo. Pa mzere woti `Nyemba (zofiira) (5kg)` mupeza `zofiira`, ndipo `5kg` atsala popanda chenjezo lililonse. Ngati chimene mumafuna ndi kulemerako, muyenera kuuza FIND kuti idutse bulaketi loyamba. Mu B2 mulemba:

```
=FIND("(",A2,FIND("(",A2)+1)
```

FIND yam'katiyo ipeza bulaketi loyamba pa 8, yakunjayo iyamba kusaka pa 9 n'kupeza lachiwiri pa 18. C2, imene tsopano imayambira pa B2, ipeza lotseka pa 22, ndipo MID itenga zilembo zitatu kuyambira pa 19, zomwe ndi `5kg`. Mabulaketi ena akakhala m'kati mwa anzawo, monga `Mbewu (nyemba (zofiira))`, fomula yathu idula pa lotseka loyamba n'kukupatsani `nyemba (zofiira` wopanda chotsekera. Mizere yotere ikakhala yochepa, musavutike ndi fomula yaitali, ikonzeni pamanja. Kuti muidziwe msanga, werengani mabulaketi otsegula m'kabokosi kalikonse ndi fomula iyi, ndipo paliponse pamene yankho si 1, pitanipo mukaone:

```
=LEN(A2)-LEN(SUBSTITUTE(A2,"(",""))
```

Cholakwa china chachete chimakhudza manambala. Tinene kuti m'mabulaketi muli chiwerengero cha katundu, monga `Makasu (24)`. MID ibweza 24, koma kwa Excel amenewa ndi mawu, si nambala. Muzindikira chifukwa amakhala kumanzere kwa kabokosi pomwe manambala enieni amakhala kumanja, ndipo mukawonkhetsa kolamuyo ndi SUM mupeza 0. Kutirani fomula yonse mu VALUE kuti isanduke nambala:

```
=VALUE(MID(A2,B2+1,C2-B2-1))
```

Koma samalani nayo. Ngati m'mabulaketi muli nambala ya foni kapena nambala ya katundu yoyamba ndi ziro, monga `0045`, VALUE idya maziro akutsogolowo n'kukusiyirani 45. Zoterezi zisiyeni zikhale mawu. Ndipo ngati wolemba ankasiya mipata m'kati, n'kulemba `( NPK )`, mipatayo ituluka limodzi ndi mawu, moti `NPK` wa mzere wina sadzafanana ndi wa mzere uno mukamafufuza. TRIM, yoikidwa kunja kwa MID monga tachitira ndi VALUE, imaichotsa.

Mabulaketi akakhala a makona, `[` ndi `]`, palibe chachilendo: sinthani zizindikiro za m'mitengeromo basi. Mafomula omwewa amagwiranso ntchito mu Google Sheets ndi mu LibreOffice Calc.

Ena anena kuti bwanji osangogwiritsa ntchito Flash Fill, imene inabwera ndi Excel 2013, pomwe mumalemba chitsanzo chimodzi n'kudina Ctrl+E. Pa ntchito ya kamodzi kokha ndi yabwino. Vuto lake n'loti imangoganizira chimene mukufuna, ndipo mukasintha mawu a mu A2 yankho lake silisintha nawo. Amene ali ndi Microsoft 365 alinso ndi njira yaifupi:

```
=TEXTBEFORE(TEXTAFTER(A2,"("),")")
```

Ndi yosavuta kuwerenga, sindikana. Koma fayilo ikapita kwa mnzanu amene ali ndi Excel 2016 kapena 2019, mafomula awiriwa kulibeko, ndipo akangoti awerengetsenso aona `#NAME?`. Fayilo yoti iziyenda m'manja mwa anthu ambiri, MID ndi FIND ndiye zodalirika.

Mukamaliza, musafufute kolamu A kapena makolamu othandizira aja musanachite chinthu chimodzi. Mayankho a mu D akudalira mabokosi amenewo, ndipo mukachotsa makolamuwo mutsala ndi `#REF!` yekhayekha. Koperani kolamu D yonse, muimate pomwepo posankha Paste Special kenako Values, ndipo mukatero ndiye mufufute zimene simukuzifunanso.