Ulemu Umene Umatayika pa Njira

Lero tikambe za vuto limodzi limene limagwera amene timaganiza m'Chichewa koma n'kumalemba imelo m'Chingerezi.

Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, anatumiza matumba 40 kwa wogula wa ku Blantyre, ndipo ndalama zachedwa. Mumtima mwake akunena mwaulemu kuti, "Bwana, mutitumizireko ndalama zija." Koma polemba imelo akuika mawu akuti "You should send us that money." Wolandira kalatayo aona ngati akulamulidwa, kapenanso kudzudzulidwa, chonsecho mlembi uja sanafune mwano m'pang'ono pomwe.

Chalakwika n'chiyani? Tiyeni tiwaphwanye mawu akuti "mutitumizireko". Ulemu woyamba uli mwa "mu-" wakumayambiriroyo, pakuti munthu mmodzi tikumutchula ngati anthu ambiri. Kwa mwana tikanati "utitumizire". Ulemu wachiwiri uli mwa "-ko" wakumapeto, amene amafeŵetsa pempho. Tsono Chingerezi cha masiku ano chilibe ziŵiri zonsezi. Liwu lakuti "you" ndi lomwelo kwa mfumu, kwa apongozi ndi kwa mwana wakhanda. Choncho pomasulira liwu ndi liwu, ulemu wonse umatsala m'mbuyo, ndipo chimene chimafika ku Blantyre ndi lamulo lokhalokha. Liwu lakuti "should" ndiye limaonjezera moto, chifukwa limamveka ngati kukumbutsa munthu udindo umene waunyalanyaza.

Eni Chingerezi amaika ulemu wawo pena: pempho amalisandutsa funso. Mlembi wathu akanalemba kuti, "Could you please send the payment for the 40 bags by Friday?" Apa wogula wapatsidwa mpata woyankha, komanso wauzidwa za matumba amene akukambidwa ndi tsiku lake. Mawu athu akuti "zija" amadalira kuti nonse aŵiri mukuikumbukira nkhaniyo; pa imelo ndi bwino kuitchula.

Musaganize kuti liwu lakuti "please" palokha lichiza zonse. Mukalemba kuti "Please, you should send", lamulo lija likadalipo, langovala jekete. Chimodzimodzinso "ndikufuna", amene kwa ife alibe mlandu: "I want" amamveka ngati mwana wolirira chinthu, pamene "I would like" ndi mawu a munthu wamkulu.

Nanga mungadziŵe bwanji musanatumize? Ŵerengani chiganizo chanu cha Chingerezi, ndipo muchibweze m'Chichewa ngati mukulankhula ndi mwana, mwa "u-" wopanda "-ko". Chikamveka kuti "utumize ndalama", dziŵani kuti ndimo achimverenso bwana wa ku Blantyre uja. Chilembeninso, muyambe ndi "Could you" kapena "Would you", ndipo mutsirize ndi chizindikiro cha funso.